Dzifunseni Nokha, Dzichongeni Nokha: Kupanga Mafunso Okonzekera Mayeso Kuchokera m'Manotsi ndi m'Mapepala Akale

Kumapeto kwa funso lililonse la mayeso kumakhala kanambala kamene ophunzira ambiri amangokadumpha: malikisi 2, malikisi 4, malikisi 10. Kanambala kameneka ndi uthenga wochokera kwa amene anakonza funsolo. Akukuuzani kuti wochonga ali ndi mndandanda wa mfundo patebulo pake, ndipo adzayenda ndi cholembera chofiira m'yankho lanu kufunafuna mfundozo imodziimodzi. Akaipeza, aika chongi. Akapanda kuipeza, ngakhale mudzaze tsamba lonse ndi zilembo zokongola, palibe chimene angakupatseni.

Mndandanda umenewu aphunzitsi amautcha makingi sikimu. Wophunzira amene waphunzira kudzipangira wake, kuchokera m'manotsi ake ndi m'mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, amayamba kuona yankho lake ndi maso a wochonga. Kudzifunsa mafunso n'kwabwino, koma funso lopanda mfundo zochongera limanyenga. Mumayankha, mumasuzumira m'manotsi, mumaona kuti mawu ena akufanana, n'kudziuza kuti mwakhoza. Chimene mwasiya simuchiona, chifukwa panalibe chokuwerengerani.

Tiona mmene ntchitoyi imachitikira pogwiritsa ntchito mutu umodzi wa Bayoloje umene aliyense wodutsa ku sekondale anakumana nawo: kuyeza sitalichi m'tsamba pofuna kusonyeza kuti mbewu imafunika kuwala kuti ipange chakudya. Mayeso a Bayoloje amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mafunso anu okonzekera muziwalembanso m'Chingerezi. Pano tiwalemba m'Chichewa kuti kapangidwe kake kaoneke bwino.

Pepala lakale limakuuzani kafunsidwe

Mayeso a MSCE amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, limene lili ku Zomba ndipo linakhazikitsidwa mu 1987. Mapepala ake akale amapezeka m'masukulu, kwa aphunzitsi ndi kwa amene analemba kale. Ambiri amawagwiritsa ntchito njira imodzi yokha: kuyankha pepala lonse, kenako kulitaya pambali. Musanayankhe funso ngakhale limodzi, yambani mwaliphwanya pepalalo.

Tengani mapepala a zaka zisanu a phunziro limodzi. Pa tsamba la kope jambulani mizere inayi yotsika: chaka, mutu wa funso, mawu olamula, ndi malikisi. Mawu olamula ndi aja amayamba funso: tchulani, longosolani, fotokozani chifukwa, siyanitsani, werengetsani. Lowetsani funso lililonse pa mzere wake. Mukamaliza, onani mafunso onse a mutu umodzi pamodzi. Pa mutu wa fotosinthesisi mwina mupeza kuti chaka china anangofuna dzina la mankhwala oyezera sitalichi, chaka china anajambula mbewu yophimbidwa tsamba n'kufunsa zotsatira, chaka chinanso anati longosolani kuyesa konse kuyambira pachiyambi. Nkhani ndi imodzi, makomo olowera ndi atatu.

Mzere wa mawu olamula ndi wa malikisi muziuwerenga limodzi. "Tchulani" nthawi zambiri amafuna dzina kapena mawu ochepa, chongi chimodzi pa chinthu chimodzi. "Longosolani" amafuna zimene zimachitika, motsatana. "Fotokozani chifukwa" amafuna chiganizo chokhala ndi "chifukwa" kapena "motero" mkati mwake, ndipo kawirikawiri chongi chimodzi chimakhala pa chochitikacho, china pa chimene chachititsa. "Siyanitsani" amafuna mbali zonse ziwiri pa mfundo imodzi: mukanena za mbali imodzi yokha, simunasiyanitse kanthu.

Onaninso chikuto cha pepala. Ngati palembedwa malikisi 100 ndi maola awiri ndi theka, ndiye kuti malikisi aliwonse ali ndi mphindi imodzi ndi theka. Funso la malikisi 10 lili ndi mphindi 15. Nthawi imeneyi muziilemba pambali pa funso lililonse limene mupange.

Manotsi amakupatsani mfundo

Pepala lakale lilibe mayankho. Mayankho ali m'manotsi ndi m'buku, ndipo ndi kumene muyenera kuyambira. Anthu ambiri amayamba ndi kulemba funso, kenako n'kumafufuza yankho. Njira yabwino ndi yobwerera chambuyo: yambani mwatola mfundo, ndipo funso lidzabadwa pa mfundozo.

Tiyerekeze kuti manotsi anu ali ndi ndime iyi: "Mbewu imaikidwa mumdima kwa maola 48 kuti masamba ake atsale opanda sitalichi. Mumdima fotosinthesisi imaima, ndipo sitalichi amene anasungidwa amasandulika shuga n'kugwiritsidwa ntchito kapena kutumizidwa ku ziwalo zina za mbewu. Motero sitalichi amene angapezeke pambuyo pake ndi wopangidwa nthawi ya kuyesako."

Werengani ndimeyi muli ndi pensulo, ndipo dulani pamene ganizo limodzi lathera. Mupeza mfundo zitatu zimene wochonga angathe kuloza ndi chala. Yoyamba: mumdima mbewu sipanga sitalichi watsopano. Yachiwiri: sitalichi wakale amatha chifukwa amasandulika shuga n'kuchoka kapena kugwiritsidwa ntchito. Yachitatu: sitalichi wopezeka pamapeto ndi watsopano. Tsopano funso likudzilemba lokha: "Fotokozani chifukwa chimene mbewu imaikidwira mumdima kwa maola 48 kuyesa kusanayambe. Malikisi 3."

Mfundo yochongera yabwino imakhala ndi ganizo limodzi, ndipo munthu amatha kunena kuti ilipo kapena palibe popanda kukangana. "Akumvetsa za mdima" si mfundo yochongera, chifukwa palibe angaloze pamene kumvetsako kwalembedwa. "Sitalichi wakale amatha" ndi mfundo. Pansi pa mawu amene sangasowe, lembani mzere. Pambali pake onjezani timawu tiwiri timene ochonga enieni amagwiritsanso ntchito: chololedwa ndi chokanidwa. Pa mfundo yachiwiri ija, "chakudya chosungidwa chimatha" n'chololedwa. "Mbewu imafa" n'chokanidwa. "Kulorofilo amatha" n'chokanidwanso, chifukwa kumeneko n'kusokoneza sitepe ya mdima ndi sitepe ya etanolo.

Chitani chimodzimodzi ndi chiganizo cha etanolo. Manotsi amati tsamba limawiritsidwa mu etanolo amene ali m'kachubu kagalasi koviikidwa m'madzi otentha. Pali mafunso awiri apa. Lina ndi la ntchito ya etanolo: amachotsa kulorofilo, kuti mtundu wa ayodini uoneke bwino pa tsamba loyera. Malikisi 2. Lina ndi la madzi otenthawo: etanolo amagwira moto msanga, choncho sayandikitsidwa ku lawi, ndiponso amawira pa madigiri 78, pamene madzi amawira pa 100, choncho madzi otentha ndi okwanira kumuwiritsa. Malikisi 2 enanso. Chiganizo chimodzi cha manotsi chabala mafunso awiri ndi mfundo zinayi.

Funso lalikulu, sitepe ndi sitepe

Tsopano tipange funso lalitali: "Longosolani kuyesa kumene mungachite posonyeza kuti kuwala n'kofunika kuti mbewu ipange sitalichi. Malikisi 10." Mfundo zake, zotoledwa m'manotsi, zikhoza kuima chonchi:

1. Mbewu ya mumphika iikidwe mumdima kwa maola 48.
2. Cholinga chake n'kuti sitalichi wakale athe.
3. Gawo la tsamba limodzi liphimbidwe ndi pepala lakuda.
4. Mbewuyo iikidwe padzuwa kwa maola angapo.
5. Tsambalo lithotholedwe n'kuviikidwa m'madzi owira.
6. Liwiritsidwe mu etanolo.
7. Liviikidwe m'madzi ofunda.
8. Lidonthezeredwe ayodini.
9. Gawo limene linali padzuwa likhala la buluu wodera ngati wakuda, pamene gawo lophimbidwa litsala ndi mtundu wa bulauni wa ayodini.
10. Sitalichi wapangidwa pokhapo pamene panafika kuwala, motero kuwala n'kofunika pa fotosinthesisi.

Mndandandawu ndi chitsanzo chokonzekerera, si wa MANEB. Onani chisankho chimene chapangidwa pa mfundo 5, 6 ndi 7: chongi chili pa sitepe yokha, osati pa chifukwa chake. Zifukwazo, kuti madzi owira amapha maselo a tsamba, etanolo amachotsa kulorofilo, ndipo madzi ofunda amafewetsa tsamba limene etanolo waliumitsa, zikafunsidwe m'mafunso ake ang'onoang'ono. Mungathe kusankha mwina, koma sankhani musanayankhe. Mukasiya kuti mudzaone pochonga, mudzadzikomera mtima.

Nali yankho limene wophunzira wa Fomu 4 angalembe atawerenga manotsi ake kangapo: "Phimbani gawo la tsamba ndi pepala lakuda ndipo ikani mbewuyo padzuwa. Kenako thotholani tsambalo, liwiritseni m'madzi, liikeni mu etanolo wotentha, ndipo thirani ayodini. Tsamba lisintha mtundu. Izi zikusonyeza kuti mbewu zimafuna dzuwa."

Mukaliwerenga mothamanga, yankholi likumveka lokhoza, ndipo palibe bodza m'menemo. Tiyeni tilichonge. Mfundo 1 ndi 2 palibe, chifukwa mdima sunatchulidwe. Mfundo 3, 4, 5 ndi 6 zilipo. Mfundo 7 yadumphidwa. Mfundo 8 ilipo. Pa mfundo 9, "lisintha mtundu" sakunena mtundu wanji kapena gawo liti, choncho palibe chongi. Pa mfundo 10, "zimafuna dzuwa" sakunena kuti zimalifuna pa ntchito yanji. Malikisi 5 pa 10.

Chofunika kwambiri si nambala 5 yo, koma malo amene malikisi atayikira. Wophunzirayu akudziwa zochita ndi manja zapakati. Wataya malikisi kumayambiriro, pa kukonza mbewu, ndi kumapeto, pa zotsatira ndi tanthauzo lake. Kuwerenganso mutu wonse wa fotosinthesisi sikungamuthandize kwambiri. Chimene akufunika ndi kuyankha mafunso ena a kuyesa ali ndi mafunso atatu m'mutu: ndakonza chiyani ndisanayambe, ndiona chiyani kwenikweni, ndipo chimene ndaonacho chikutsimikiza chiyani?

Sinthani chimodzi, funso likhale latsopano

Funso la chaka chatha silibweranso ndi nkhope yomweyo. Kuti pepala lakale likukonzekeretseni za mawa, sungani mafupa a funso n'kusintha chinthu chimodzi.

M'malo mwa pepala lakuda, ikani tsamba lamawangamawanga, lobiriwira pena ndi loyera pena. Mfundo zambiri za mndandanda uja zitsala momwemo. Mfundo 3 isintha: tsamba lijambulidwe kaye kuti malo obiriwira adziwike, chifukwa etanolo akachotsa mtundu simudzawazindikiranso. Mfundo 9 ndi 10 zisinthanso: buluu wodera aoneka pokhapo pamene panali pobiriwira, motero chofunika ndi kulorofilo. Sinthaninso kachiwiri: tsamba litsekeredwe m'botolo muli sodiyamu hayidirokisaidi, amene amayamwa mpweya wa kaboni dayokisaidi. Apa pabadwa mfundo yatsopano yoyenera malikisi ake: pakhale tsamba lachiwiri m'botolo lofanana nalo muli madzi okha, kuti tidziwe kuti kusowa kwa sitalichi kwadza ndi kusowa kwa mpweyawo, osati ndi botolo.

Mungathenso kulitembenuza funso. Perekani zotsatira, funsani chochititsa: "Wophunzira anachita kuyesa kwa pepala lakuda, koma tsamba lonse linasanduka la buluu wodera. Perekani zifukwa ziwiri zimene zingachititse zimenezi. Malikisi 2." Mfundo zake: mbewu sinakhale mumdima nthawi yokwanira, pepala silinatseke bwino, kuwala kunalowa. Funso lotere munthu wongoloweza masitepe saliyankha. Amene walipanga yekha amakhala waphunzira kale zambiri pongolipanga.

Mafunso owerengetsa ali ndi kachongedwe kawo. Tiyerekeze kuti tsamba lenileni ndi lotalika mamilimita 60 ndipo chojambula chake ndi masentimita 9, ndiye akufunsa kuti chojambulacho chakulitsidwa kangati. Malikisi 3 agawidwe motere: oyamba pa njira, kuti kutalika kwa chojambula kugawidwe ndi kutalika kwa chinthu chenicheni, achiwiri pa kulowetsa manambala a muyeso umodzi, 90 ÷ 60, achitatu pa yankho, ×1.5, lopanda mamilimita kapena masentimita kumapeto. Amene waiwala kusandutsa masentimita n'kulemba 9 ÷ 60 apeza ×0.15. Ngati walemba njira yake poyera, malikisi oyamba ndi ake. Ngati wangolemba yankho lolakwikalo, wataya onse. Mukamadzichonga motere mumasiya nokha chizolowezi chowerengetsera kumbali n'kungokopera yankho.

Ku koleji zimasiyana pang'ono

Ku koleji ndi ku yunivesite, amene amaphunzitsa ndi yemweyo amene kawirikawiri amakonza mayeso, ndipo mapepala akale amakhala ochepa. Lekichala akasintha, kafunsidwe kamasinthanso. Apa manotsi ndi chikalata cha zolinga za kosi, chimene chimaperekedwa semesita ikamayamba, ndi zimene zimalemera kuposa pepala lakale. Cholinga chilichonse pa chikalatacho chimayamba ndi mneni, ndipo mneniyo ndi funso lobisika. Ngati palembedwa kuti wophunzira athe kusanthula zinthu zimene zimachepetsa liwiro la fotosinthesisi, funso lanu lisakhale "tchulani zinthu zitatu". Likhale ndi girafu yoti itanthauziridwe.

Vuto la manotsi a ku koleji ndi lakuti ambiri ndi masilaidi a mawu odukaduka. Pa silaidi pangalembedwe mawu atatu okha: kuwala, kaboni dayokisaidi, kutentha. Mawu amenewa si mfundo zochongera. Muyenera kuwamangira ziganizo, ndi buku lili potsegula: kuwala kukamawonjezeka liwiro limakwera, kufikira pamene chinthu china, monga kaboni dayokisaidi, chayamba kuperewera, ndipo mzere wa girafu umagona. Pamene mwalephera kumanga chiganizo, mwapeza dzenje m'manotsi anu, ndipo ndi funso loti mupite nalo kwa lekichala. Pa mafunso a chimangirizo, wochonga saika chongi pa mfundo zokha. Amaonanso ngati ganizo likuyenda ndiponso ngati lili ndi umboni. Mndandanda wanu ukhale ndi magawo awiri: mfundo zosayenera kusowa, ndi mafotokozedwe achidule a yankho lofooka, lapakati ndi lamphamvu.

Zimene zimalakwika

Cholakwika choyamba n'kudzipangira mafunso osavuta okhaokha. Chizindikiro chake n'chakuti pafupifupi funso lililonse likuyamba ndi "tchulani" ndipo mukupeza malikisi onse. Bwererani ku mizere inayi ija. Ngati theka la malikisi a mapepala akale lili pa kufotokoza ndi kulongosola, mafunso anunso agawike motero.

Chachiwiri n'kutenga cholakwika cha m'manotsi n'kuchisandutsa lamulo. Mawu amodzi okopedwa molakwa pa bolodi akalowa m'mndandanda, mudzadzipatsa chongi pa bodza mpaka tsiku la mayeso. Mfundo iliyonse itsimikizidwe ndi buku lovomerezeka. Timabuku ta mayankho togulitsidwa m'misika ndi mayankho oyenda pa mafoni muziwakayikira chimodzimodzi. Mindandanda ya mafunso akuluakulu muipereke kwa aphunzitsi aione, makamaka amene anachongako mayeso a boma, chifukwa amadziwa mawu amene amaloledwa ndi amene amakanidwa.

Chachitatu ndi silabasi. Mapepala akale kwambiri anakonzedwa pa silabasi ina. Phunziro la Fizikosayansi, mwachitsanzo, linagawidwa kukhala Fizikisi ndi Kemisitiri, choncho pepala lake lakale liyenera kusefedwa funso ndi funso. Mizere inayi ija isakunyengeninso kuti muyambe kulosera. Mutu umene sunabwere zaka zitatu uli m'silabasibe, ndipo uyenera mafunso ake.

Chachinayi n'kuyankha tsiku lomwelo limene mwapanga funso. Pamenepo mukungokumbukira zimene dzanja lalemba kumene. Lembani funso kutsogolo kwa pepala, mfundo kuseri, ndipo mulisiye masiku atatu kapena anayi. Ofufuza awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anasonyeza mu 2006 kuti ophunzira amene anawerenga nkhani kamodzi n'kuyesedwa katatu anakumbukira pafupifupi 61 peresenti patatha sabata, pamene amene anangoiwerenga mobwerezabwereza anakumbukira 40 peresenti. Phindu lili pa kukoka yankho m'mutu manotsi ali otseka, ndipo kukokako kumafuna kuti papite nthawi.

Mukakhala pagulu la atatu kapena anayi, gawanani mitu, aliyense apange mafunso a mutu wake, ndipo muzichongerana. Mnzanu amachonga zimene mwalemba, pamene inu mumachonga zimene mumafuna kulemba. Akakukanizani chongi pa "lisintha mtundu", musakwiye. Mkangano wa ngati mawu akutiwakuti ndi ololedwa, ukathetsedwa ndi buku, umaphunzitsa gulu lonse.

Kumapeto kwa kope sungani tsamba la malikisi otayika. Pa chongi chilichonse chimene mwaphonya lembani chimodzi mwa zifukwa zinayi: sindinkadziwa, ndinkadziwa koma sindinalembe, ndinalemba mosalunjika, kapena sindinamve funso. Chifukwa choyamba chokha ndi chimene chimachiritsidwa ndi kuwerenganso manotsi. Zitatu zinazo zimafuna kuti muyankhe mafunso ena, ndi wotchi patsogolo. Ndipo tsiku limene mudzayamba kuzindikira funso mwangoona mawu ake oyamba, dziwani kuti funsolo latha ntchito. Sinthani chinthu chimodzi, lembani mfundo zatsopano kuseri, n'kulibwezera pa mulu.